Ngozi ikachitika pantchito, lipoti lilembedwe bwanji?

"Anavulala chifukwa cha kusasamala kwake." Mzere umenewu umapezeka m'malipoti ambiri a ngozi za pantchito, ndipo wolemba akangoulemba amaona ngati wamaliza. Koma amene adzawerenge pakatha miyezi, kaya ndi mkulu wa ku ofesi ya zantchito, kaya ndi mkazi wa wovulalayo, sadzadziwa kuti dzanja linali pati, makina anali otani, nanga inali nthawi yanji. Adzangodziwa kuti wolemba anali atagamula kale mlandu. Pamenepo makina aja akadali pomwe anali, ndipo mawa pabwera munthu wina kudzawagwira.

Lipoti la ngozi lili ndi ntchito ziwiri. Limasunga zimene zinachitika zisanasokonekere m'mitu mwa anthu, kuti wovulala adzathandizidwe moyenera. Limasonyezanso chimene chiyenera kukonzedwa. Ntchito zonse ziwirizi zimaonongeka wolemba akalowetsamo kuloza chala kapena kungoganizira. Kuti tione mmene zimaonongekera, tiyeni titenge malo amene aliyense amawadziwa, chigayo chamagetsi cha pamsika. Nkhaniyi ndi yongoyerekeza, koma zida zake ndi zimene zili m'zigayo zathu.

Chigayocho chili ndi mota imene imazunguza makina kudzera m'malamba atatu. Lachiwiri m'mawa magetsi athima chigayo chikugaya. Mnyamata wogaya waona kuti lamba mmodzi wachoka pa pule, ndiye wati apezerepo mwayi womubwezera. Ali mkati mobwezera, magetsi abwera, mota yazungulira, zala ziwiri zapanika. Anthu athamanga naye kuchipatala. Madzulo kapitawo wakhala pansi, walemba kuti:

"Wogaya anavulala zala chifukwa chosasamala. Anagwira lamba makina akuyenda, chikhalirecho anauzidwa kangapo kuti asamatero. Zikuoneka kuti anali atamwa. Wachenjezedwa."

M'ziganizo zinayizi, chokhacho chimene munthu angatsimikize n'chakuti zala zinavulala, koma ngakhale apo sitikudziwa kuti ndi zala ziti, za dzanja liti. "Chosasamala" ndi chigamulo. "Makina akuyenda" si zoona, pakuti pamene mnyamatayo amagwira lamba makina anali ataima. "Anauzidwa kangapo" sakutiuza kuti anamuuza ndani, liti, nanga pali pamene panalembedwa. Za mowazo n'zoopsa kuposa zonse. Kapitawo sanamuone akumwa ndipo palibe amene anamuyeza, koma mawuwo akangolowa papepala amakhala ngati umboni.

Kuopsa kwake kumafika mpaka pa ndalama. Ku Malawi kuno, lamulo la chipukuta misozi cha apantchito la mu 2000 silifuna kuti wantchito ayambe watsimikiza kuti bwana ndiye analakwa. Chachikulu n'chakuti anavulala ali pantchito komanso chifukwa cha ntchitoyo. Koma lamulo lomwelo limasiya mpata woti chipukuta misozi chikanidwe ngati munthu anadzivulaza dala kapena anachita dala zinthu zosayenera kwambiri. Ndiye kapitawo akalemba mwachibwana kuti "anali atamwa", angathe kulanda banja chakudya cha miyezi yambiri ndi mawu amene iye mwini sangawaikire kumbuyo atafunsidwa bwinobwino. Lamulo lina, la mu 1997 lokhudza chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito, linakhazikitsa kuti ngozi imene yapha munthu kapena kumulepheretsa kugwira ntchito yake idziwitsidwe ku boma polemba. Mafomu ake amapezeka ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, ndipo n'kwanzeru kupitako msanga. Zimene zimalembedwa pa mafomuwo zimachokera mu lipoti la tsiku loyamba lija. Likakhota, zonse zotsatira zimakhota.

Lipoti labwino limayamba cholembera chisanagwiridwe. Choyamba ndi munthu: azimitse magetsi, wovulala athandizidwe, apite kuchipatala. Zikatero, malo asakhudzidwe. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino. Wina amasesa, wina amabwezera lamba, wina amathira madzi pamene pagwera magazi, poti amayi ali pamzere ndi matumba awo ndipo ntchito iyenera kupitirira. Mphindi khumi zokha, zonse zimene zikanafotokoza ngoziyo zafufutika. Foni ya m'manja ndi yokwanira kupulumutsa zambiri. Jambulani chipinda chonse mutaima pakhomo, kenako sendezani pafupi, kenako jambulani pule ndi lamba mutaika bokosi la machesi kapena cholembera pambali kuti kukula kwake kuoneke. Jambulani swichi mmene yakhalira, musanaisunthenso. Ngati china chake chasunthidwa populumutsa munthu, palibe cholakwa, koma lembani kuti chinasunthidwa ndi kuti anachisuntha ndani.

Nthawi nayo imafuna umboni wake. Munthu akachita mantha, mphindi zisanu zimakhala ngati ola. M'malo mofunsa anthu kuti "inali nthawi yanji", yang'anani zinthu zimene zimasunga nthawi zokha. Foni imene anaimbira njinga yamoto imasonyeza mphindi yeniyeni. Kope la wolandira ndalama limasonyeza thumba lomaliza kugayidwa. Buku la kuchipatala limasonyeza tsiku ndi zimene dokotala anapeza. Ngati nthawi ili yongoyerekeza, lembani kuti "cha m'ma 10:40", ndipo nenani chimene mwatengera.

Tsopano tione mmene nkhani yomwe ija ingalembedwere ndi munthu amene wayenda m'chipindacho ndi tepi yoyezera, n'kumvetsera anthu mmodzimmodzi:

"Lachiwiri cha m'ma 10:15 m'mawa magetsi anathima chigayo chikugaya. Wogaya akuti anaona lamba mmodzi mwa atatu atachoka pa pule ya mota, ndipo anayamba kumubwezera ndi manja. Magetsi atabwera, mota inazungulira, ndipo chala chamkombaphala ndi chapakati za dzanja lamanja zinapanika pakati pa lamba ndi pule. Wolandira ndalama akuti anadina batani lofiira la pa sitata koma mota sinaime, ndiye anathamangira ku swichi yaikulu n'kuitsitsa. Foni yake ikusonyeza kuti anaimbira wanjinga yamoto 10:43. Nditafika 11:05 ndinapeza chotchingira malamba chili chotsamira khoma, mamita awiri kuchokera pa makina. Swichi yaikulu ili pa mtunda wa mamita 6 kuchokera pa mota, ndipo kutsogolo kwake kunali matumba anayi a chimanga. Wogaya akuti sanatsitse swichi yaikulu asanagwire lamba."

Taonani mawu aang'ono akuti "akuti" ndi "ndinapeza". Ndiwo agwira lipoti lonseli. Wowerenga akudziwa chimene wolemba anaona ndi maso ake, chimene anauzidwa, ndi amene anamuuza. Taonaninso kuti chiganizo chomaliza sichinamubisire wogaya chilichonse. Iye sanatsitse swichi, ndipo zalembedwa mosapita m'mbali. Kusaloza chala sikutanthauza kubisa zimene munthu anachita. Ena, pofuna kukomera mtima mnzawo, amalemba kuti "swichi sinatsitsidwe", ngati kuti swichiyo inayenera kudzitsitsa yokha, ndipo potero amachotsa mfundo imene wofufuza akuifuna. Chochita cha munthu chilembedwe, ndi amene anachita atchulidwe. Chimene chiyenera kutsala kunja ndi maganizo a wolemba pa khalidwe la munthuyo, monga akuti waulesi, wamwano, wosamva.

Mu lipoti lachiwirili muli chiganizo chimodzi chimene wodziwa zamagetsi akangochiwerenga amaima kaye: batani lofiira linadinidwa koma mota sinaime. Mota yaikulu ngati ya chigayo imayatsidwa ndi sitata, ndipo m'kati mwa sitata muli kachipangizo kotchedwa kontakita, kamene kamagwira ndi mphamvu ya maginito. Mukadina batani lobiriwira, koyilo imakoka zitsulo kuti zigundane, mota n'kuyamba. Magetsi akathima, maginito amatha, zitsulozo zimatayana, ndipo magetsi akabweranso mota siyamba yokha mpaka munthu atadinanso batani lobiriwira. Anazikonza chomwecho dala, kuti ateteze munthu amene ali ngati wogaya wathuyu. Ndiye ngati mota inayamba yokha, ndipo batani lofiira linakanika kuimitsa, m'bokosilo muli vuto.

Koma ngakhale pamenepa wolemba asathamange. Asalembe kuti "sitata inali yofa", poti sanaitsegule, ndipo si iye woyenera kuitsegula. Alembe kuti "chifukwa chimene mota inayambira popanda kudina batani sichinadziwike, ndipo wazamagetsi waitanidwa". Tsiku lotsatira wazamagetsi, atatsitsa swichi yaikulu ndi kutsimikiza kuti mulibe moto, watsegula bokosi, wapeza koyilo yopsa ndi kamtengo kopanikiza kontakita kuti izikhala yogundana nthawi zonse. Aliyense amene wayenda m'malo ogwirira ntchito amadziwa kuti njira zachidule zoterezi zimachitika pamene chipangizo chafa, ndalama zasowa ndipo makasitomala akudikira. Zimenezi zilowe ngati zoonjezera pa lipoti, zokhala ndi tsiku lake ndi siginecha ya wazamagetsiyo, pamodzi ndi chithunzi cha kamtengoko kasanachotsedwe.

Lipoti loyamba lija likanatha ndi chenjezo kwa mnyamata, kamtengo kali momwemo. Ine ndimaona kuti apa ndiye pagona kuipa kwenikweni kwa kuloza chala, kuposa ngakhale kupweteketsa mtima wa munthu. Wolakwa akangopezeka, mafunso amatha. Palibe amene amafunsanso kuti chotchingira chinachotsedwa liti, kapena chifukwa chake lamba amangochokachoka. Anthu a zandege anazindikira zimenezi kalekale. Malamulo a bungwe la ICAO, amene maiko amatsatira pofufuza ngozi za ndege, amanena poyera kuti cholinga cha kafukufuku ndi kupewa ngozi ina, osati kugawa milandu. Za milandu zili ndi bwalo lake, ndipo nalonso limayenda bwino likalandira mfundo zoyera.

Kuloza chala kumapitanso mbali inayo. Mnzake wa wovulala atapatsidwa cholembera angalembe kuti "bwana ndi woumira, anakana kugula koyilo". Mwina n'zoona. Koma chimene chingalowe mu lipoti ndi ichi: wogaya akuti anauza kapitawo za batani lofiira mwezi wathawu, kapitawo akuti sakukumbukira, ndipo m'kope lolembamo zoonongeka mulibe chilichonse chokhudza sitata, kapena kopelo palibiretu. Wowerenga adzadzionera yekha. N'chifukwa chake si bwino kuti kapitawo alembe lipoti ali yekha pamene nkhaniyo ikumukhudza. Pakhale munthu wachiwiri, monga woimira antchito kapena wina amene anzake amamukhulupirira.

Gawo lovuta kwambiri ndi kufunsa mboni, chifukwa kungoganizira kumalowera pakamwa pa wofunsa iye osadziwa. M'chaka cha 1974, akatswiri awiri a zamaganizo ku America, Elizabeth Loftus ndi John Palmer, anaonetsa ophunzira filimu ya ngozi ya galimoto. Ena anawafunsa liwiro la magalimotowo pamene "amagundana", ena pamene "amaphwanyana". Patatha sabata anawafunsa ngati anaona magalasi osweka. Mwa anthu 50 amene anafunsidwa ndi mawu aukali aja, 16 anati anawaona, pamene mwa 50 enawo amene anatero anali 7. Mufilimumo munalibe galasi losweka. Anthuwa sankanama. Funso ndi limene linawaikira chinthu m'mutu.

Ndiye mukafunsa mayi amene anabwera kudzagayitsa kuti, "Mayi, mnyamata uja amaoneka woledzera eti?", musadabwe akavomera. Kwathu kuno kutsutsa munthu waudindo pamaso si chinthu chapafupi, ndipo ambiri amangoti "eya" kuti nkhani ithe apite kwawo. Funso labwino ndi lotseguka: "Mayi, tandiuzeni zimene munaona kuyambira pamene magetsi anathima." Kenako khalani chete, alankhule mpaka amalize. Mukatero funsani kuti anaima pati, ndipo pitani mukaime pomwepo muone ngati pule imaonekadi kuchokera pamenepo. Nthawi zambiri mudzapeza kuti munthu anamva kukuwa n'kutembenuka, ndipo zimene akufotokoza za ngozi isanachitike wazimva kwa anzake pamzere. Zimenezo zilembedwe kuti "akuti anamva kwa ena", kapena zisiyidwe. Mboni zifunsidwe payokhapayokha, tsiku lomwelo ngati n'kotheka, zisanakhale pansi pa mtengo n'kugwirizana nkhani imodzi.

Nanga mboni zikasiyana? Tinene kuti mayi uja akuti anaona mwana akuseweretsa mabatani, pamene wolandira ndalama akuti pa sitata panalibe munthu. Wolemba amalakalaka kusankha chimene chikumveka bwino kuti lipoti lisalale. Asatero. Alembe zonse ziwiri, aliyense ndi mawu ake ndi pamene anaima, n'kunena kuti mawuwa akusiyana. Lipoti limene lili ndi mawu akuti "sizikudziwika" m'malo atatu ndi lodalirika kuposa limene likudziwa chilichonse. Chimodzimodzi ndi nkhani zoti mnyamatayu anachita kumulodza poti amalimbirana malo ndi wina. Zotere zimamveka, ndipo amene akuzinena amazikhulupiriradi, koma palibe amene anaziona, ndipo kuzilemba n'kuyatsa moto pakati pa mabanja.

Wovulalayo afunsidwe pamene wapeza bwino pang'ono, osati ali pabedi akubuula kapena atangobayidwa jekeseni wopha ululu. Auzidwe poyamba kuti cholinga n'kudziwa mmene zinayendera. Funso lakuti "bwanji sunatsitse swichi?" limamveka ngati mlandu, ndipo munthu amayamba kudziteteza. Mukafunsa kuti "magetsi akathima mumatani masiku onse?", mungamve yankho limene simumaliyembekezera, monga lakuti swichi amaisiya dala chokweza kuti chigayo chikalira adziwe kuti magetsi abwera, ndipo wogaya wina wa usiku amachitanso chimodzimodzi. Apo mwadziwa kuti si khalidwe la munthu mmodzi. Ndi mmene ntchito imayendera pamalopo, ndipo kuchotsa mnyamatayu ntchito sikungasinthe kanthu.

Pa za kuvulala, wolemba alembe zimene maso akuona: chala chiti, dzanja liti, bala lotalika bwanji, magazi amatuluka kapena ayi. Asalembe kuti "fupa lathyoka" kapena kuti "ndi kabala kakang'ono", pakuti zimenezo ndi za dokotala, ndipo kabala kamene lero kakuoneka kakang'ono kangathe kuumitsa chala mpaka kale. Matenda ena a munthuyo amene sakukhudzana ndi ngoziyo asalowemo n'komwe.

Mafomu ambiri a boma ndi a makampani ali m'Chingerezi, pamene mboni zimalankhula Chichewa, Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena. Mawu a mboni alembedwe m'chilankhulo chimene yalankhula, ndipo kumasulira kubwere pansi pake, kuti wokayika adzathe kubwerera ku mawu enieni. Mukamaliza, muwerengereni munthuyo mokweza, pang'onopang'ono, n'kumufunsa kuti, "Kodi ndi zimene mwanena?" Akakonza penapake, konzani iye akuona. Akatero asaine kapena adinde chala. Wantchito asalole kusaina pepala lopanda kanthu kapena limene sanalimve, ngakhale amuuze kuti n'longothandizira kuti ndalama zituluke msanga, ndipo apemphe kope lake, ngakhale pongolijambula pafoni.

Mukalakwitsa polemba, musang'ambe tsamba kapena kufufuta ndi inki yoyera. Dulani mzere umodzi pamawu olakwikawo kuti azionekabe, lembani olondola pambali, ikani tsiku ndi siginecha. Lipoti lofufutidwafufutidwa limakayikitsa ngakhale pamene wolemba analibe chinyengo.

Kumapeto kwa fomu nthawi zambiri kumakhala malo a zoyenera kuchita, ndipo apa ndi pokhapo pamene maganizo a wolemba amaloledwa, bola akhale ochokera m'zimene zapezeka. "Antchito azisamala" si chochita, poti palibe amene angabwere kudzaona ngati chachitika. Pachigayo chathuchi zochita zake n'zogwirika. Koyilo igulidwe ndipo kamtengo kachoke makina asanayatsidwenso. Wazamagetsi ayese pamaso pa antchito: ayatse mota, atsitse swichi yaikulu, aikwezenso, ndipo onse aone kuti mota yakhala chete mpaka batani lobiriwira litadinidwa. Chotchingira malamba chibwerere ndi mabawuti ake, ndipo makanika aone ngati mapule awiriwo ali pa mzere umodzi ndiponso ngati malamba sanakwepe, poti lamba sachoka popanda chifukwa. Patsogolo pa swichi yaikulu pasaunjikidwenso matumba, ndipo pagulidwe loko woti wogwira makina azikhoma swichiyo n'kuika kiyi m'thumba mwake. Paikidwe babu loti lizisonyeza kuti magetsi abwera, kuti chifukwa chosiyira swichi chokweza chitheretu. Chochita chilichonse chikhale ndi dzina la wochichita ndi tsiku lomalizira, ndipo tsikulo likakwana wina apite akaone ndi maso, alembe pansi pa lipoti lomwelo chimene wapeza.